Fomu 1098 yafika: yambani mwaifufuza musanalembe chiwongoladzanja cha nyumba pa msonkho

Chaka chilichonse Febuluwale akangoyamba, foni yanga siipuma. Abale athu amene anagula nyumba kuno ku Amereka amanditumizira chithunzi cha pepala lomwelo, ndipo funso limakhala limodzi: "Nambala ili pamwambayi ndingoikopera pa fomu ya msonkho?" Ndayankha kambirimbiri, mwina pa foni, mwina titaima panja pa tchalitchi mphepo ikuwomba, ndiye ndaganiza zongolemba kamodzi kuti aliyense aziwerenga mofatsa.

Pepalalo ndi fomu 1098, imene pamutu pake pamalembedwa kuti `Mortgage Interest Statement`. Kampani imene mumalipirako ngongole ya nyumba imayenera kukutumizirani pofika pa 31 Januwale ngati munalipira chiwongoladzanja cha madola 600 kapena kuposa m'chaka chathacho, ndipo imatumizanso kope ina ku IRS, bungwe lotolera msonkho. Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: fomuyi imangonena ndalama zimene kampani imeneyo, yokhayo, inalandira kwa inu. Sinena zonse zimene munalipira ngati munalipirakonso kwina, komanso sinena zimene lamulo likukulolani kuchotsera. Nambala yoyenera kulemba mumaipeza nokha kuchokera m'mapepala anu, kenako n'kuona ngati fomuyo ikugwirizana nanu.

1. Sonkhanitsani mapepala, ndipo werengani kuti mafomu ayenera kukhala angati

Mukufunika zinthu zitatu: fomu 1098, mndandanda wa malipiro onse a chaka, ndi pepala limene munasainira tsiku logula nyumba ngati munagula kapena kusintha ngongole m'chaka chomwecho. Mndandanda wa malipiro mumaupeza pa akaunti yanu ya pa intaneti, nthawi zambiri pansi pa mawu oti `Payment History` kapena `Transaction History`. Pepala la tsiku logula lija dzina lake ndi `Closing Disclosure`, la masamba asanu.

Ndiye dzifunseni kuti m'chakachi ndalama za nyumba munazitumiza ku makampani angati. Kuno ngongole za nyumba zimagulitsidwa ngati katundu wa pamsika. Mukhoza kusainirana ndi kampani ina mu Marichi, pofika Ogasiti n'kulandira kalata yoti tsopano muzilipira kwina. Kampani iliyonse imene inalandira ndalama zanu imatulutsa fomu yakeyake. Ya kampani yakale ndi imene imasowa kawirikawiri, chifukwa mwina anaitumiza ku adiresi imene munkachita lendi, kapena anaiika pa akaunti ya pa intaneti imene munasiya kutsegula.

2. Onani dzina, nambala ndi nyumba

Apa sipachedwetsa. Dzina likhale lanu, manambala omalizira a SSN kapena ITIN akhale anu, ndipo adiresi ya nyumba mu bokosi 8 ikhale yolondola. Ngati bokosi 8 mulibe kanthu, onani ngati achonga bokosi 7, lomwe limatanthauza kuti nyumbayo ndi yomweyo imene akukulemberani makalata. Bokosi 3 ndi tsiku limene ngongole inayamba. Musalinyalanyaze, chifukwa malire a ngongole imene chiwongoladzanja chake chimaloledwa amadalira tsikuli: ngongole yotengedwa pambuyo pa 15 Disembala 2017 malire ake ndi madola 750,000, pomwe yakale kuposa apo malire ake ndi 1,000,000. Ambiri mwa ife sitifika pamenepo, komabe tsiku lolakwika ndi chizindikiro choti pamene ankasamutsa ngongole yanu panalowa chisokonezo.

3. Musasokoneze ndalama imene mumatumiza mwezi uliwonse ndi chiwongoladzanja

Anthu ambiri amachulukitsa ndalama ya pamwezi ndi 12, n'kuona kuti bokosi 1 ndi lochepa kwambiri, n'kuyamba kudandaula kuti aberedwa. Ayi, sanakubereni. Ndalama ya pamwezi ili ndi zigawo. Pali yobweza thunthu la ngongole, ndiye kuti ndalama yeniyeni imene munabwereka. Pali chiwongoladzanja. Palinso ya esikuro, kathumba kamene kampani imakusungirani kuti izilipirira msonkho wa nyumba ndi inshulansi nthawi yake ikakwana. Mu bokosi 1 mumalowa chiwongoladzanja chokha.

Msonkho wa nyumba makampani ena amaulemba mu bokosi 10 kapena pa kapepala kapadera, ndipo uli ndi mzere wakewake, mzere 5b, pa `Schedule A`, fomu imene mumandandalikapo zochotsera pa msonkho. Pamenepo mumalemba zimene kampani inaperekadi ku boma la dera lanu, osati zimene inu munaponya m'kathumba kaja. Inshulansi yoteteza nyumba ku moto kapena mphepo simuchotsera ngati ndi nyumba yokhalamo inu eni.

4. Werengerani nokha chiwongoladzanja, mwezi ndi mwezi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangoti "tsimikizani kuti nambala ndi yolondola" osanena kuti mutsimikiza bwanji. Sizovuta monga anthu amaopera. Kalikuleta ya pa foni ndi pepala limodzi zikwanira.

Pa ngongole wamba ya nyumba, imene peresenti yake sisintha, chiwongoladzanja cha mwezi chimapezeka potenga thunthu lotsala, kulichulukitsa ndi peresenti ya pachaka, n'kugawa ndi 12. Chotsala pa malipiro anu chimapita kochepetsa thunthu, ndipo mwezi wotsatira mumayambira pa thunthu latsopanolo. Chinanso choti mudziwe: chiwongoladzanja chimalipiridwa mwezi utatha. Ndalama imene mwapereka pa 1 Meyi ikulipira chiwongoladzanja cha Epulo.

Tiyerekeze ndi manambala. Mayi wina wosakwatiwa wagula nyumba pa 17 Marichi 2025. Wabwereka madola 240,000 pa 6 peresenti, kubweza zaka 30. Malipiro ake a thunthu ndi chiwongoladzanja, osawerengera esikuro, ndi madola 1,438.92 pamwezi, ndipo oyamba ndi a pa 1 Meyi.

```
240000.00 × 0.06 ÷ 12 = 1200.00
1438.92 − 1200.00     = 238.92
240000.00 − 238.92    = 239761.08
239761.08 × 0.06 ÷ 12 = 1198.81
```

Mzere woyamba ndi chiwongoladzanja cha m'malipiro a Meyi, wachiwiri ndi ndalama imene yadula thunthu, wachitatu ndi thunthu lotsala, ndipo wachinayi ndi chiwongoladzanja cha m'malipiro a Juni. Mukapitiriza chomwecho mupeza 1,197.60 mu Julayi, 1,196.40 mu Ogasiti, mpaka 1,191.51 mu Disembala. Chimatsika pang'onopang'ono, dola imodzi ndi masenti ochepa mwezi uliwonse. Malipiro 8 onse, kuyambira Meyi mpaka Disembala, chiwongoladzanja chake chikukwana madola 9,566.22.

Pali njira yachidule yodzitsimikizira kuti simunaphonye. Mayiyu wapereka 1,438.92 maulendo 8, zomwe ndi 11,511.36. Thunthu latsika kuchoka pa 240,000 kufika pa 238,054.86, ndiye kuti 1,945.14 inapita ku thunthu. Mukachotsa 1,945.14 pa 11,511.36 mutsala ndi 9,566.22 yomwe ija. Kwa amene ali ndi ngongole ya zaka zingapo, njirayi ndiyo yofulumira: thunthu la pa 1 Januwale lili mu bokosi 2, la kumapeto kwa chaka lili pa sitetimenti yotuluka malipiro a Disembala atalowa, ndipo kusiyana kwake mumakuchotsa pa zonse zimene munalipira kupatula esikuro.

Koma mayiyu sanathe. Kuyambira pa 17 mpaka pa 31 Marichi ndi masiku 15, ndipo masiku amenewo ngongole inali itayamba kale kubala. Chiwongoladzanja chake anachilipira tsiku losainira, chitasakanikirana ndi ndalama zina zambirimbiri zimene munthu amapereka tsikulo mutu uli balala. Chili pa tsamba 2 la `Closing Disclosure`, m'gawo F, pa mzere wa `Prepaid Interest`. Pa ngongoleyi ndi madola pafupifupi 39.45 patsiku, masiku 15 n'kukwana 591.78. Chimenechi ndi chiwongoladzanja chenicheni cha nyumba, cholipiridwa m'chaka chomwecho. Tikaphatikiza, nambala imene mayiyu ayenera kuiyembekezera ndi madola 10,158.00.

Tsopano tiyerekeze kuti ngongole yake inagulitsidwa kumapeto kwa Julayi. Fomu imene yafika m'bokosi lake la makalata ndi ya kampani yatsopano, ndipo bokosi 1 likuti 5,969.81. Nambalayi si yabodza. Ndi chiwongoladzanja cha Ogasiti mpaka Disembala ndendende. Koma akangoikopera, wataya madola 4,188.19. Ataifunafuna fomu ya kampani yakale, waipeza ikunena 3,596.41, zomwe ndi Meyi, Juni ndi Julayi. Mafomu awiriwo pamodzi akukwana 9,566.22, ndipo chikusowabe ndi 591.78. Popeza anawerengera yekha, sakufunika kulota kuti ndalamayi yapita kuti. Akudziwa kuti ndi ya masiku 15 a Marichi aja, ndipo ali ndi pepala losonyeza kuti anailipira.

Ndicho chifukwa chake ndimaumirira kuti muwerengere. Kukula kwa kusiyana kumakuuzani komwe vuto lili. Mukasiyana ndi fomu ndi masenti ochepa kapena dola imodzi, ndi nkhani ya kazungulizidwe ka manambala basi, lembani za pa fomu. Mukasiyana ndi ndalama yofanana ndi chiwongoladzanja cha mwezi wathunthu, yang'anani malipiro a kumapeto kwa chaka. Amene amakonda kulipira msanga, malipiro a pa 1 Januwale n'kuwatumiza pa 28 Disembala, amapeza kuti chaka china chili ndi malipiro 13, chotsatira 11. Kumeneko sikulakwitsa kwa kampani, chifukwa amawerengera tsiku limene ndalama inalowa. Chimodzimodzinso ngati munatumiza cheke kumapeto kwa Disembala koma anachilandira mu Januwale. Malo ena amene malipiro a mwezi wathunthu amasochera ndi mwezi wosamutsa ngongole: munatumiza ku kampani yakale, iyo inapatsira yatsopano, ndiye pa mafomu malipirowo aoneka kawiri kapena sanaoneke n'komwe. Mndandanda wa malipiro wa makampani onse awiri, mutauyala pambali pa sitetimenti ya banki yanu, umathetsa mkanganowu.

Ngati fomu ikuposa nambala yanu ndi madola makumi angapo, onani ngati munachedwapo kulipira, pakuti chindapusa cha kuchedwa nthawi zina chimaphatikizidwa mu bokosi 1. Ndipo ngati munkawonjezera ndalama kuti mudule thunthu msanga, tsimikizani pa mndandanda kuti inalembedwa ngati `Principal`. Ikakhala kuti anangoisunga pambali kapena anaitenga ngati malipiro a mwezi wamawa, thunthu silinatsike, ndipo mwakhala mukulipira chiwongoladzanja choposa choyenera. Vuto limeneli ndi lalikulu kuposa nkhani ya msonkho.

Kawerengedwe aka kali ndi malire ake. Ngati peresenti ya ngongole yanu imasintha, gwiritsani ntchito ya mwezi uliwonse monga yalembedwera pa sitetimenti. Ngongole yotapa pang'onopang'ono ya mtundu wa HELOC imawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndiye pamenepo ingophatikizani chiwongoladzanja cha pa masitetimenti onse 12.

5. Yang'anani mabokosi 4, 5 ndi 6

Bokosi 6 ndi la mapoyinti, ndalama imene munthu amalipiriratu pogula nyumba kuti amutsitsire peresenti. Poyinti imodzi ndi 1 peresenti ya ngongole, ndiye kwa mayi uja ndi madola 2,400. Fananizani ndi gawo A la tsamba 2 la `Closing Disclosure`. Mapoyinti ogulira nyumba yokhalamo kawirikawiri amachotsedwa onse chaka chomwecho. Koma olipira posinthanitsa ngongole yakale ndi yatsopano amagawidwa pa zaka zonse za ngongoleyo, ndipo nthawi zambiri simuwapeza mu bokosi 6.

Bokosi 4 ndi chiwongoladzanja cha zaka zam'mbuyo chimene anakubwezerani atapeza kuti anakulipiritsani mopitirira. Musachichotse pa bokosi 1. Ngati munachichotsera pa msonkho chaka chimenecho n'kupindula nacho, chimawerengedwa ngati ndalama yolowa chaka chino. Bokosi 5 ndi inshulansi yoteteza wobwereketsa, imene amalipiritsa anthu amene anapereka ndalama yochepa poyambira. Lamulo lake lakhala likusinthasintha, ndipo pa msonkho wa zaka za 2022 mpaka 2025 sinkaloledwa kuchotsera.

6. Dzifunseni ngati chiwongoladzanja chonsecho n'chololedwa kwa inu

Fomu ikhoza kukhala yolondola mpaka senti yomaliza, koma inu n'kulakwitsabe poikopera yonse. Kampani sidziwa kumene ndalama munapita nazo. Pali nkhani ziwiri zimene ndimakumana nazo kwambiri pakati pathu.

Yoyamba ndi yomanga kumudzi. Nyumba ya kuno ikakwera mtengo, ambiri amatenga ngongole yatsopano yokulirapo, yakale n'kutsekedwa, ndalama yotsala n'kuitumiza ku Lilongwe kapena ku Zomba kuti ntchito yomanga ipitirire, kapena kulipirira ana a abale sukulu. Ndimalemekeza mtima umenewo. Koma lamulo limalola chiwongoladzanja cha ndalama zokhazo zimene zinagula, kumanga kapena kukonza kwambiri nyumba yomwe ili chikole cha ngongoleyo. Chikole ndi nyumba ya kuno, osati ya kumudzi. Ngati ngongole yakale inatsala 180,000, yatsopano n'kukhala 220,000, ndipo 40,000 inawoloka nyanja, ndiye kuti gawo lololedwa ndi la 180,000 lokha, pafupifupi 82 pa 100 iliyonse ya chiwongoladzanjacho. Bokosi 1 lidzaonetsa chonse. Kawerengedwe kake kenikeni kali m'kabuku ka IRS kotchedwa `Publication 936`.

Yachiwiri ndi yogula nyumba awiri amene si banja, monga munthu ndi mchemwali wake. Fomu imatuluka m'dzina la mmodzi. Aliyense amachotsera gawo limene analipiradi, malinga ngati nayenso ali pa ngongoleyo ndipo ndi mwini nyumba. Amene dzina lake lili pa fomu amalemba gawo lake lokha pa mzere 8a wa `Schedule A`. Mnzakeyo amalemba lake pa mzere 8b n'kuphatikizapo kalata yotchula dzina ndi adiresi ya amene analandira fomu. Kusungitsa umboni wa mmene ndalama zinkachokera kwa aliyense kumathandiza kwambiri, makamaka pamene mmodzi amangopatsira mnzake ndalama pamanja.

Ndipo ngati mbali ya nyumba mumachititsa lendi, gawo la chiwongoladzanja la mbali imeneyo limapita pa `Schedule E`, osati pa `Schedule A`.

7. Onani ngati kundandalika kukupindulitsani

Chiwongoladzanja cha nyumba chimagwira ntchito pokhapokha mukasankha kundandalika zochotsera zanu chimodzichimodzi pa `Schedule A`, m'malo molandira ndalama yokhazikika imene aliyense amachotseredwa, yotchedwa `Standard deduction`. Pa msonkho wa 2025 ndalamayi ndi madola 15,750 kwa munthu mmodzi ndi 31,500 kwa banja lolemba limodzi. Mabanja ambiri a ngongole zapakatikati safika pamenepo, ndipo kwa iwo fomu 1098 sisintha kanthu.

Anthu ena amati sitepe iyi iziyamba. Ine ndimaiika pano dala, ndipo mayi uja akusonyeza chifukwa chake. Tinene kuti misonkho ya boma la dera lake pamodzi ndi ya nyumba inakwana 4,500, ndipo zopereka za ku tchalitchi zokhala ndi malisiti zinakwana 2,000. Ndi fomu imodzi ija ya 5,969.81, zonse zikanakwana 12,469.81, iye n'kuganiza kuti kundandalika kulibe phindu. Ndi nambala yoona ya 10,158.00 komanso poyinti imodzi ya 2,400, tikayerekeza kuti anailipira pogula nyumba, zikukwana 19,058, kuposa 15,750 ndi madola 3,308. Dziwani kuti 3,308 imeneyi si ndalama yobwera m'thumba. Ndi ndalama imene sidzadulidwa msonkho. Ngati iye ali pa mlingo wa 22 peresenti, wapulumutsa madola pafupifupi 728.

8. Mukapeza cholakwika, lembani kalata

Imbani foni kaye, chifukwa zina zimatha pomwepo, ndipo lembani tsiku ndi nambala ya dandaulo lanu. Koma zikapanda kutha, musangodalira foni. Lembani kalata yokhala ndi dzina lanu, nambala ya ngongole, ndi cholakwikacho m'manambala: fomu ikuti zakuti, ine ndapeza zakuti, kusiyana kwake ndi malipiro a tsiku lakuti. Ikanimo makope, osati mapepala enieni. Itumizeni ku adiresi imene kampani inaika yolandirira madandaulo, yomwe nthawi zambiri imalembedwa kuseri kwa sitetimenti pansi pa mawu oti `Notice of Error`, osati kumene mumatumiza malipiro. Kalata yotere yonena za cholakwika pa akaunti ya ngongole, lamulo limafuna kuti avomereze kuti ailandira pasanathe masiku 5 ogwira ntchito, ndipo ayankhe pasanathe masiku 30 ogwira ntchito, ngakhale nthawi zina amaloledwa kuwonjezera masiku 15. Akangoti zii, mukhoza kudandaula ku CFPB, bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ngongole. Chimene mukupempha ndi fomu ina yochongedwa pa mawu oti `CORRECTED`, kuti kope ya ku IRS nayo ikonzedwe.

Tsiku lomaliza lopereka mafomu a msonkho ndi 15 Epulo. Ngati fomu yokonzedwa sinafike, muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kupempha nthawi yowonjezera ndi fomu 4868, imene imakufikitsani pa 15 Okutobala, koma msonkho umene mukuyenera kulipira umafunikabe pa 15 Epulo. Kapena mukhoza kulemba nambala yoona tsopano. Ngati fomu inachulukitsa, lembani zimene munalipiradi pa mzere 8a. Ngati inachepetsa, monga 591.78 ya mayi uja, za pa mafomu zipite pa mzere 8a, chosowacho pa mzere 8b, pamodzi ndi kalata yofotokoza kusiyanako. Musangokweza nambala ya pa 8a popanda kufotokoza, chifukwa makina a IRS amaiyerekeza ndi kope imene ali nayo, ndipo ikapitirira amatumiza kalata yofunsa.

Kwa amene mwazindikira mukuwerenga pano kuti chaka chogula nyumba munasiya fomu ya kampani yakale kapena chiwongoladzanja cha tsiku losainira, mukhoza kukonza ndi fomu 1040-X pasanathe zaka zitatu kuchokera pamene munapereka mafomu a chaka chimenecho. Yambani ndi kufufuza `Closing Disclosure` yanu. Ikasowa, kampani imene inayendetsa zosainirana tsiku logula nyumba ikhoza kukupatsani kope ina.